Msonkho wanga ndi wa mnzanga wasiyana ndi K180,000, talakwitsa pati?

Tadala: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Chonde ndithandizeni, asayinimenti iyi tikupereka Lachisanu ndipo mutu waima. Atipatsa trayo balansi ya kampani yongopeka yogulitsa zipangizo zomangira ku Limbe, chaka chake chotha pa 31 Disembala. Akuti tikonze maakuruwo, zimene kampani yagwiritsa ntchito koma sinalipire, ndi mapulipementi, zimene yalipiriratu, kenako tipeze msonkho woti kampaniyo ilipire. Ndangotengapo mizere yofunika:

Zogulitsa K90,000,000
Katundu woyamba naye chaka K6,000,000
Zopikula K52,000,000
Malipiro a antchito K9,900,000
Lendi K7,500,000
Inshulansi K1,800,000
Madzi ndi magetsi K1,100,000
Msonkho wolipiriratu ku MRA K3,000,000

Manotsi a m'munsi akuti katundu wotsala ndi K8,000,000. Malipiro a Disembala, K900,000, sanaperekedwe. Bilu ya madzi ya Disembala, K150,000, inabwera mu Januwale. Lendi ndi K500,000 pamwezi ndipo analipira mpaka kumapeto kwa Malichi. M'kati mwa inshulansi muli K1,200,000 yomwe analipira pa 1 Okutobala, ya chaka chathunthu. Depuresiyeshoni, kutsika kwa mtengo wa makina akamakalamba, ndi K2,000,000, kapito alawansi K2,500,000, msonkho 30%. Ine ndapeza K5,535,000, Mphatso wapeza K5,715,000. Tabwereza katatu ku laibulale, aliyense akubwerera pa nambala yake.

Mphatso: Yanga ndi yolondola aise, ndakuuza kale. Pali chimene watembenuza. Ukawonjezera pamene umayenera kuchotsa, kusiyana kumakhala kawiri nambala imene wailakwitsayo. Fufuza pamenepo.

Yamikani: Malipiro a Disembala ngati sanaperekedwe ndiye kuti PAYE yake sinadulidwenso. Mwina K180,000 ikuchokera pamenepo? 20% ya K900,000 ndi K180,000 ndendende.

Mayi Nachisale: Madzulo abwino ana anga. Ndangofika kumene, minibasi inachedwa pa Chichiri. Yamikani, nambalayo yangokumana mwangozi. PAYE ndi msonkho wa wantchito, kampani imangodula n'kukapereka. Funso ili likufuna msonkho wa pa phindu la kampani, ndiye PAYE tiisiye kaye.

Tadala ndi Mphatso, musayambirenso funso lonse. Kusiyana kwanu kuli pa msonkho, ndiye kubwezereni ku phindu. K180,000 ÷ 0.3 = K600,000. Ndiye kuti phindu lanu lasiyana ndi K600,000. Aliyense atumize maekisipensi ake atawakonza, mzere ndi mzere, tione pamene mwapatukana.

Tadala: Zikomo amayi. Katundu wogulitsidwa anatidyera 6,000,000 + 52,000,000 − 8,000,000 = K50,000,000, ndiye phindu loyamba ndi K40,000,000. Malipiro ndawonjezera akhala K10,800,000. Madzi ndi magetsi K1,250,000. Lendi ndachotsa miyezi itatu, Januwale mpaka Malichi, yatsala K6,000,000. Inshulansi ndachotsa K300,000 yatsala K1,500,000. Depuresiyeshoni K2,000,000. Zonse pamodzi K21,550,000, phindu K18,450,000.

Mphatso: Zonse tikufanana kupatula inshulansi. Ine ndachotsa K900,000 yatsala K900,000. Maekisipensi anga ndi K20,950,000, phindu K19,050,000.

Mayi Nachisale: Ndi pomwepo. Tadala, undiyankhe funso limodzi usanagwire kakyuleta. Pa 31 Disembala usiku, mwini kampani akutseka shopu, ndi miyezi ingati ya inshulansi ija imene wadya kale, ndipo ingati ikadali m'nkhokwe?

Tadala: Okutobala, Novembala, Disembala wadya. Itatu. Yatsala Januwale mpaka Sepitembala, ndiye 9. Aaa amayi ndaona. Ndachotsa miyezi imene wadya m'malo mochotsa imene yatsala.

Mayi Nachisale: Eya. K1,200,000 pa miyezi 12 ndi K100,000 pamwezi. Pulipementi ndi zimene walipira koma sunadye, ndiye ndi miyezi 9, K900,000. Cholakwa chimenechi ndimachiona chaka ndi chaka kwa ana obwera kudzaphunzira ntchito ku ofesi kwathu, ndipo chifukwa chake n'chimodzimodzi. Pa lendi nambala yochotsa inali miyezi itatu, ndiye dzanja limazolowera, ukafika pa inshulansi umawonanso miyezi itatu n'kuichotsa osafunsa kuti itatuyo ili mbali iti ya Disembala.

Mankhwala ake ndi kujambula mzere papepala, ngakhale m'mayeso. Lemba tsiku limene analipira kumanzere, tsiku limene malipirowo akuthera kumanja, ndiye dula mzere woimirira pa 31 Disembala. Za kumanzere kwa mdulidwewo ndi ekisipensi ya chaka chino. Za kumanja ndi chuma cha kampani, zimapita ku balansi shiti. Zimatenga masekondi khumi basi.

Onaninso kuti K1,800,000 yonse si ya pangano latsopanolo. K600,000 yotsalayo ndi ya Januwale mpaka Sepitembala wa chaka chomwechi, pa pangano lakale, ndiye ndi ekisipensi yonse. Tikaphatikiza ndi K300,000 ya miyezi itatu ija tikupeza K900,000 ya Mphatso. Njira ziwiri, yankho limodzi.

Mphatso: Ndiye ndinanena zoona kuti watembenuza. K600,000 kugawa pawiri ndi K300,000.

Mayi Nachisale: Wakhoza theka mwana wanga. Lamulo lako la kugawa pawiri limagwira pamene munthu wawonjezera m'malo mochotsa. Tadala akanawonjezera K900,000 pa inshulansi, mukanasiyana ndi K1,800,000. Iye anachotsa ndithu, koma anachotsa chidutswa cholakwika, 900,000 − 300,000. Kuti theka la 600,000 lafanana ndi nambala yake, zangochitika chifukwa miyezi 9 ndi katatu miyezi itatu. Ndipo usasangalale msanga, K5,715,000 yakonso si yankho.

Mphatso: Bwanji amayi? 19,050,000 × 30% = 5,715,000. Ndabwereza pa foni ndi pa kakyuleta.

Chisomo: Amwene mwachulukitsa phindu la m'mabuku. Mukuganiza kuti kapito alawansi anaiika m'manotsi chifukwa chiyani? Ine pepala limeneli ndinalemba chaka chatha, msampha wake ndi womwewu.

Mphatso: Ndinaiona koma ndinaganiza kuti ndi yosokoneza dala. Makinawo tawachotsera kale depuresiyeshoni, tikachotsanso alawansi si ndiye tachotsa kawiri?

Mayi Nachisale: Funso labwino, ndipo mantha akowo ali ndi maziko. Kuchotsa kawiri kungachitike ukapanda kubwezera depuresiyeshoni kaye. Nkhani yake ili chonchi. Depuresiyeshoni ndi maganizo a kampani. Kampani ina inganene kuti lole yake ikhala zaka zinayi, ina n'kunena kuti zaka 10, ndipo onse awiri mabuku awo akhoza kukhala olondola. Boma likanalola zimenezo aliyense akanasankha nambala yomuchepetsera msonkho. Ndiye malamulo a msonkho amakana depuresiyeshoni, m'malo mwake amapereka kapito alawansi, imene miyeso yake ndi yofanana kwa aliyense. Choncho timabwezera ya kampani, n'kuchotsa ya boma.

Phindu la m'mabuku K19,050,000
Kubwezera depuresiyeshoni + K2,000,000
Kuchotsa kapito alawansi − K2,500,000
Phindu lodulidwa msonkho K18,550,000
Msonkho pa 30% K5,565,000

Mzere woyambawo ndiwo uli ndi ntchito yonse ya maakuruwo ndi mapulipementi. Ukaulakwitsa, zonse za m'munsi zimatsetsereka nawo limodzi, koma wochonga akaona kuti njira yako ndi yolondola sangakumane mamalikisi onse. N'chifukwa chake muzilemba mzere uliwonse, osati kungoponya nambala yomaliza.

Bambo Mbewe: Pepani ndilowepo, ine si wasukulu, anandilowetsa pagulu pano ndi mphwanga. Ndili ndi kashopu ka utoto ndi misomali. Nkhani ya lendi iyi yandikhudza chifukwa ndi ine ndemwe. Mwini nyumba yanga salandira lendi ya mwezi umodzi, amafuna miyezi itatuitatu, ndipo ya Januwale mpaka Malichi amaifuna Khirisimasi isanakwane. Ndalamayo imachoka m'thumba langa mu Disembala, risiti ndili nayo, ku banki sikutsala kanthu. Ndiye mukundiuza kuti ndiiwerengere ngati phindu, ndilipirirenso msonkho? Ndalama yoti ndilibe? Zimenezi zimandipweteka mtima kwambiri.

Mayi Nachisale: Takulandirani bambo Mbewe, ndipo kudandaula kwanu ndikukumva. Ndalamayo sitikuiyesa phindu ayi, tikungokana kuiyesa ekisipensi ya chaka chino. Taganizani chonchi. Mutapikula zitini 100 za utoto mu Disembala, zonse zikadali pa shelefu pa 31, simunganene kuti mwaluza ndalamayo. Muli ndi utoto. Lendi yolipiriratu ndi chimodzimodzi, kungoti simungaigwire ndi manja: muli ndi miyezi itatu yokhala m'shopumo osalipiranso.

Tengani nambala za Tadala. K1,500,000 ya lendi imene taichotsa chaka chino ikakhala ekisipensi ya chaka chamawa, tsiku loyamba la Januwale imabwerera ku akaunti ya lendi. Msonkho wake, K450,000, sunatayike, wangosuntha chaka. Ndiponso inu amene mumalipira chonchi chaka chilichonse, kumbukirani kuti lendi imene munalipira Disembala wapitawo yalowa m'chaka chino. Imodzi yalowa kumayambiriro, ina yatuluka kumapeto, chaka chili ndi miyezi 12 ya lendi basi. Chimene chimaluma ndi chaka choyamba chokha, kapena pamene lendi yakwera.

Bambo Mbewe: Za utotozo ndamva bwino. Koma ndinene chilungamo, m'thumba mukhalabe mopepuka mu Januwale.

Mayi Nachisale: Pamenepo sindikutsutsani bambo. Phindu ndi ndalama za m'manja ndi zinthu ziwiri, ndipo mabizinesi ambiri amagwa ali ndi phindu m'mabuku. Koma onani kuti lamulo lomweli limakukomeraninso. Malipiro a Disembala a m'funsoli sanatuluke m'thumba, bilu ya madzi sinalipidwe, komabe tachotsa K1,050,000 pa phindu chifukwa antchito anagwira ntchito ndipo madzi anatuluka pa mpopi mu Disembala. Mpeni wake ndi wakuthwa konsekonse.

Yamikani: Nanga magetsi? Kuno ambiri timagula mayunitsi a ESCOM tisanagwiritse ntchito. Ndiye magetsi sangakhale akuruwo eti?

Chisomo: Pa mita yolipiriratu ayi. Mayunitsi otsala pa mita pa 31 Disembala ndiwo angakhale pulipementi. Koma sindinaonepo munthu akukwera pampando kukawerenga mita usiku wa chaka chatsopano chifukwa cha mayunitsi a K20,000. Kanthu kakachepa kwambiri amangokasiya. Fakitale yogula mayunitsi a mamiliyoni ndiye nkhani ina.

Tadala: Ndakonza inshulansi, ndabwezera depuresiyeshoni, ndafika pa K5,565,000. Koma K3,000,000 ya MRA ija ndiichite chiyani? Ili ku debiti limodzi ndi maekisipensi. Mnzathu wina m'kalasi waiphatikiza ndi lendi ndi malipiro, phindu lake latsika kufika K16,050,000.

Mayi Nachisale: Umuuze asiye msanga. Si chilichonse cha ku debiti chimene chili ekisipensi, galimoto ndi ndalama za ku banki zilinso komweko. Kampani siidikira chaka chithe kuti iyambe kulipira msonkho, imalipira moyerekeza miyezi itatu iliyonse. Ndalama imeneyo ndi chikole cha ngongole imene sinawerengedwe. Kunena zoona ndi pulipementi inanso, kungoti funso silinakuuzeni m'manotsi. Siichotsedwa pa phindu, imachotsedwa pa msonkho.

5,565,000 − 3,000,000 = K2,565,000

Mnzakoyo akaichotsa pa phindu ndiye kuti wangoipatsa mphamvu ya 30% yokha, K900,000, pamene kampani inapereka K3,000,000 yathunthu.

Mphatso: Ndiye yankho ndi liti, K5,565,000 kapena K2,565,000? Funso langoti pezani msonkho woti ulipidwe. Ine ndikuona ngati ndi yoyambayo, chifukwa ndiwo msonkho wa chaka chonse.

Chisomo: Ine ndinganene yachiwiri. Woti ulipidwe ndiye kuti umene watsala. Akanafuna wa chaka chonse sakanaika K3,000,000 mu trayo balansi.

Mphatso: Angaiike kuti trayo balansi ilingane basi.

Mayi Nachisale: Musalimbane, lembani zonse ziwiri ndipo mzere uliwonse muupatse dzina lake. K5,565,000 ndi msonkho wa chaka, umapita ku akaunti ya phindu, ndipo phindu lotsala msonkho utachoka ndi K13,485,000. K2,565,000 ndi ngongole yotsala kwa MRA, imapita ku balansi shiti. Ine ndikanadula mizere iwiri pansi pa yachiwiriyo, koma aphunzitsi anu ndiwo akudziwa chimene analemba pa pepala lawo la mayankho. Mmodzi wa inu akawafunse mawa.

Ndiwonjezere cha ku ntchito, chimene funso silinafunse. Kampani iyi ikanakhala yeniyeni ndikanamuitana mwini wake kuti tikhale pansi. Msonkho wolipiriratu umayenera kufika 90% ya msonkho weniweni wa chakacho. 90% ya K5,565,000 ndi K5,008,500, iwo apereka K3,000,000 yokha. Pamenepo pali chilango. Ndipo fomu ya msonkho ya chaka imayenera kufika ku MRA pasanathe masiku 180 chaka cha kampani chitatha.

Limbani: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Amayi ndili ndi funso lovutirapo, mundikhululukire ngati ndikusokoneza ana. Ine ndimagwira ntchito ya mabuku pa kampani ina ku Makata. Bwana wanga wakale ankanena kuti malamulo a msonkho sayendera malamulo a akaunti, amangofunsa ngati ekisipensiyo yachitika m'chakacho. Ndiye iye ankati inshulansi ukailipira yonse pa 1 Okutobala, pangano lasainidwa, ndalama sungaibweze, ndiye kuti yonse yachitika chaka chomwecho ndipo uichotse yonse pa msonkho ngakhale m'mabuku mwaigawa. Kodi sanali ndi mfundo?

Mayi Nachisale: Simukusokoneza achimwene, mtsutso umenewo ulipo ndipo ndinaumvapo kwa anthu odziwa ntchito. Ine kachitidwe kanga ndi koyambira pa phindu la m'mabuku, n'kusintha zokhazo zimene lamulo lanena kuti zisinthidwe, monga depuresiyeshoni ija. Pulipementi ndimaisiya mmene mabuku aigawira, chifukwa ndikaichotsa yonse chaka chino ndiyenera kukumbukira kuibwezera chaka chamawa, ndipo poiwala pamenepo ndi pamene anthu amachotsa kawiri mosadziwa. Pa inshulansi ya m'funsoli tikukangana za K270,000 yosuntha chaka chimodzi.

Limbani: Pa kampani yaikulu kusuntha chaka chimodzi ndi ndalama zambiri amayi, makamaka mmene kwacha ikuchepera mphamvu. Ine sindinakhutirebe.

Mayi Nachisale: N'zomveka. Tidzakambirane patokha tili ndi buku la malamulo patsogolo. Koma ana a sukulu, m'funso ngati ili musapite kumeneko. Wolemba funso wakupatsani manotsi kuti mukonze phindu, ndipo phindu lokonzedwalo ndilo poyambira msonkho.

Chimene ndingakuchenjezeni ndi mbali ya maakuruwo. Malipiro a Disembala ndi bilu ya madzi ndi ngongole zenizeni, nambala yake ikudziwika, mwini wake akudziwika. Koma tsiku lina mudzapeza noti yonena kuti kampani yaika padera 5% ya ngongole za makasitomala poopa kuti ena sadzalipira. Imeneyo imaoneka ngati akuruwo chifukwa nayonso imatsitsa phindu popanda ndalama kutuluka, koma ndi kuyerekeza chabe, sikuloza munthu. Pa msonkho mudzaibwezera ngati depuresiyeshoni.

Tadala: Ndalemba zonse. Pali njira yodziwira kuti sindinalakwitsenso pena ndisanapereke? Mantha andigwira chifukwa poyamba paja ndinali wotsimikiza kuti ndakhoza.

Mayi Nachisale: Zilipo ziwiri ndipo zonse n'zachangu. Yoyamba, werengera phindu usanakonze maakuruwo ndi mapulipementi, kenako uyende nalo. Maekisipensi a mu trayo balansi ndi depuresiyeshoni ndi K22,300,000, phindu K17,700,000. Maakuruwo amatsitsa phindu, chotsa K1,050,000. Mapulipementi amalikweza, wonjezera K2,400,000. Ukufika pa K19,050,000. Ngati njira iyi ndi ya mzere ndi mzere zasiyana, penapake wawonjezera m'malo mochotsa.

Yachiwiri ndi imene ikanagwira cholakwa chako cha lero, chifukwa yoyambayo sikanachigwira, ukanangoyenda ndi K300,000 yako njira zonse ziwiri. Tenga ekisipensi iliyonse utaikonza, uigawe ndi 12, uone ngati ikumveka. Malipiro, 10,800,000 ÷ 12 = 900,000, zikugwirizana ndi noti. Lendi, 6,000,000 ÷ 12 = 500,000, zikugwirizana. Inshulansi yako ya K1,500,000 ikanapereka K125,000 pamwezi, pamene pangano latsopano, lokwera mtengo kuposa lakale, ndi K100,000 pamwezi. Avereji singapose mwezi wodula kwambiri. Belu likanalira pomwepo.

Ndipo noti iliyonse uichonge kawiri pa pepala la funso, kamodzi ukaiika ku akaunti ya phindu, kachiwiri ukaiika ku balansi shiti. Mapulipementi K2,400,000 ku chuma, maakuruwo K1,050,000 ndi msonkho K2,565,000 ku ngongole. Noti yokhala ndi chongi chimodzi ndiyo imalepheretsa balansi shiti kulingana.

Chisomo: Nanga K500,000 yosiyana pakati pa alawansi ndi depuresiyeshoni ija? Ife anatiphunzitsa kuti imabala msonkho wochedwetsedwa, K150,000.

Mayi Nachisale: Zoona, koma sukhudza ndalama yopita ku MRA chaka chino, ndipo a Tadala sanafike mutu umenewo. Asauike pokhapokha funso litaufuna.

Bambo Mbewe: Amayi, ndiye bilu yanga ya madzi ya Disembala imene ndimalipira mu Januwale, zaka zonsezi mnyamata wondilembera mabuku amaiika mu Januwale momwemo. Ndiyambe kukonza za zaka zapitazo kapena ndingoyambira chaka chino?

Mayi Nachisale: Zitengera kukula kwa biluyo bambo, komanso ngati shopu yanu ndi kampani yolembetsedwa kapena ili m'dzina lanu, chifukwa 30% ija ndi ya makampani. Munditumizire uthenga pambali mawa masana, mukhale ndi mabilu a Disembala awiri apitawa.

Tadala: Zikomo kwambiri amayi, zikomo nonse. Ndikukopera bwinobwino usiku uno magetsi akadalipo. Mphatso, mawa ufike msanga tikawapeze aphunzitsi kalasi isanayambe, tikafunse za mizere iwiri ija.

Mphatso: Ndifika 4 koloko. Ubwere ndi pepala la funso lenilenilo, langa ndalilembalemba kwambiri.